Gemu ikukana kutseguka, ikungolemba 0xc000007b: musanafomate laputopu onani kaye izi

Mwezi uno wokha abwera anthu atatu pa benchi yanga pano pa Kasungu boma ndi vuto limodzimodzi, ndiye ndati ndingolemba kamodzi kuti wina akabweranso ndizingomutumizira awerenge yekha. Vuto lake ndi lija loti mwadina gemu, kamausi kazungulira pang'ono, kenako m'malo mwa gemu pakubwera kabokosi kolembedwa kuti:

```
The application was unable to start correctly (0xc000007b).
Click OK to close the application.
```

Ndifotokoza za mfana mmodzi wa ku Santhe chifukwa nkhani yake ili ndi zonse zimene anthu amalakwitsa. Mdala wake atagulitsa fodya ku Chinkhoma anamugulira laputopu ya sekondi handi kuti azichitira za sukulu, koma tonse tikudziwa sukulu yake, mfana anaikamo Pro Evolution Soccer 2017 tsiku lomwelo. Anafika m'mawa ndi minibasi, laputopu ili m'chikwama chokulungidwa ndi chitenje kuopa fumbi, ndipo chimene chinandisangalatsa n'choti anabwera ndi pepala lothothola mu kope atalembapo zonse. Pulosesa Intel Core i5-7200U, ramu 8 GB, zithunzi Intel HD Graphics 620, Windows 10 ya mabiti 64, malo otsala pa disiki ambirimbiri. Pansi pake analemba zimene wayesa kale: wachotsa gemu n'kuiikanso kawiri, waitsegula ndi Run as administrator, wayesa compatibility mode ya Windows 7, wathimitsa antivairasi, waika dalaiva watsopano wa zithunzi, waika DirectX, wapanga sfc /scannow ndipo inamuuza kuti palibe cholakwika. Bandulo ya wiki yonse inathera pamenepo.

"Achimwene, ingofomatani basi, makinawa mwina ndi ochepa mphamvu," anatero.

Makinawo si ochepa mphamvu. Gemuyi inatuluka mu 2016, imayendera DirectX 9, ndipo HD 620 imaikoka ndithu mukatsitsa zokongoletsa. Komanso laputopu yochepa mphamvu siimalemba 0xc000007b, imatsegula gemu bwinobwino kenako osewera n'kumayenda ngati ali m'matope a ku dambo. Nambala imeneyi ikukamba zina, Windows ikunena kuti ndapeza fayilo imene gemuyi ikufuna koma kapangidwe kake si koyenera. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti gemu ya mabiti 32 yapatsidwa fayilo ya DLL ya mabiti 64, kapena gemu ya 64 yapatsidwa ya 32. Ma DLL ndi timafayilo tothandizira timene pulogalamu imakoka ikamatseguka. Nthawi zina ndi fayilo yoonongeka chabe, yokopedwa theka, koma pa benchi yanga kusakaniza mabitiku ndi kumene ndimakumana nako kwambiri.

Ndiye ndinamufunsa funso limene ndimafunsa aliyense: tsiku loyamba lenileni, usanakhudze chilichonse, inalemba uthenga womwewu? Anaganiza kaye n'kuti ayi, poyamba inkanena kuti `xinput1_3.dll` palibe. Nanga unatani? Akuti anasaka dzinalo pa intaneti, anapeza tsamba lopereka ma DLL amodziamodzi, panali ziwiri zoti asankhe, ya 32 ndi ya 64, ndiye poti Windows yake ndi ya 64 anatenga ya 64. Pa pepala paja sanalembepo zimenezi chifukwa kwa iye vuto limenelo linatha, uthenga wa fayilo yosowa unasiya kubwera eti. Anaona ngati wathana ndi loyamba ndipo kwabwera lachiwiri losagwirizana nalo, pamene chilipo n'choti lachiwirilo analipanga yekha pokonza loyamba.

Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Windows ya mabiti 64 imatha kuyendetsa mapulogalamu a mitundu iwiri yonse, a 64 ndi a 32. Koma pulogalamu imodzi singasakanize, ikakhala ya 32 ma DLL onse amene ikukoka akhale a 32. Ndiye funso si loti Windows yanu ndi ya mabiti angati, funso ndi loti gemuyo ndi ya mabiti angati. PES 2017 ndi ya 32. Magemu ambiri akale amene timasewera kuno ndi a 32, pomwe GTA V ya pa kompyuta ndi ya 64 yokha. Mfana uja anatengera nsapato pa phazi la Windows m'malo motengera pa phazi la gemu.

Kenako pali msampha wachiwiri umene ngakhale anzanga ena okonza makompyuta umawakola. Mu `C:\Windows` muli mafoda awiri, `System32` ndi `SysWOW64`. Aliyense woganiza bwino angati ya 32 ipite mu System32, ya 64 ipite mu SysWOW64. Ndi zosemphana. Pa Windows ya 64, mu System32 mumakhala mafayilo a 64, ndipo a 32 amakhala mu SysWOW64. Dzina loti System32 linangotsalira kuchokera kale Windows isanakhale ya 64, analisiya choncho kuti mapulogalamu akale asasokonekere, ndipo WOW64 ndi dzina la gawo la Windows limene limanyamula mapulogalamu a 32 pamwamba pa Windows ya 64. Gemu ya 32 ikapempha fayilo ya mu System32, Windows imaikhotetsa mwakachetechete n'kuipititsa ku SysWOW64. Ndiye mukaponya fayilo ya 64 mu SysWOW64 chifukwa mwaona nambala 64 pa dzina, mwaika chakudya cholakwika m'mbale imene magemu onse a 32 amadyeramo, osati gemu imodzi yokhayo.

Mfana wathu kuti atsimikize kuti fayilo ipezeke, anaiponya malo atatu, mu foda ya gemu, mu System32 ndi mu SysWOW64. Sanandiuze, mwina anaiwala, ndinazipeza ndekha. Mukatsegula Command Prompt n'kulemba izi, imafufuza disiki yonse ya C n'kukuonetsani paliponse pamene pali fayilo ya dzina limenelo:

```
dir /s /b C:\xinput1_3.dll
```

Imatenga kanthawi ngati disiki ndi ija yozungulira, musaganize kuti yaima. Ngati gemu yanu ili pa D mubwerezenso ndi D. Pa laputopu yake inatulutsa mizere itatu, ndipo nditayang'ana kukula kwake pa Properties onse atatu anali ofanana ndendende, tsiku limodzinso. Pamenepo ndinadziwa kale, chifukwa ya mu System32 ndi ya mu SysWOW64 sizimayenera kufanana kukula, ya 32 imakhala cha m'ma 80 KB pomwe ya 64 imapitirira 100 KB pang'ono.

Koma kukula kokha musakudalire pa fayilo iliyonse, pali njira yoonera ndi maso popanda kudawuniloda kalikonse. Tsegulani Notepad, kokerani DLL ija m'menemo. Mudzaona zilembo zosamveka zokhazokha, musadandaule. Cha kumtunda kuli mawu oti `This program cannot be run in DOS mode`, tsikani pang'ono mupeze zilembo ziwiri zazikulu `PE`. Chimene chikubwera pambuyo pa timipata tiwiri ndi chimene mukufuna:

```
PE  L     (mabiti 32)
PE  d†    (mabiti 64)
```

Mukamaliza tsekani osasunga, ikafunsa zosunga kanani, mukasunga kuchokera mu Notepad fayiloyo yatha ntchito. Njira yomweyi imagwiranso pa fayilo ya gemu yeniyeniyo, ndiye ngati simukudziwa kuti gemu yanu ndi ya mabiti angati chitani chimodzimodzi ndi exe yake, kungoti ikakhala yaikulu Notepad imachedwa kuitsegula. Ndinamuonetsa mfana uja, `PES2017.exe` ikuonetsa L, ma xinput ake atatu onse akuonetsa d. Anangoti "aaa" n'kugwira pakamwa.

Tsopano taonani chifukwa chimene zonse za pa pepala lake zinalephera, chifukwa anthu ambiri amayesa zomwezi ndipo amadabwa. Kuchotsa gemu n'kuiikanso sikunathandize chifukwa pulogalamu yochotsera imachotsa zimene inaika yokha, fayilo imene mwaponyamo ndi manja nthawi zambiri imatsala mu foda, mukaikanso gemu pamalo omwewo ikuipeza ikudikira. Ndipo Windows posaka DLL ya mtundu uwu imayamba kuyang'ana mu foda ya gemu isanapite ku mafoda ake, ndiye yolakwika ija ndi imene imayamba kugwidwa. Ngakhale ikanachoka ya mu foda, ya mu SysWOW64 inali yolakwikanso. sfc /scannow inanena zoona kuti palibe cholakwika, chifukwa iyo imayang'ana mafayilo a Windows yeniyeniyo, ndipo `xinput1_3.dll` si ya m'gulu limenelo, Windows 10 imabwera ndi `xinput1_4.dll`, ya 1_3 imachita kubwera ndi DirectX yakale. Dalaiva wa zithunzi, administrator, compatibility mode, zonsezo zimagwira ntchito gemu ikayamba kuyenda, koma apa gemu inali isanayambe n'komwe, imagwera pakhomo Windows ikusonkhanitsa mafayilo ake.

Za DirectX ndiye zimasokoneza anthu zedi. Munthu amalemba dxdiag, akuona `DirectX 12`, n'kumati ndili ndi yatsopano kuposa imene gemu ikufuna, nanga 12 si yoposa 9? Zoona, koma 12 ija ilibe timafayilo tina takale timene magemu a nthawi imeneyo amafuna, monga `d3dx9_43.dll` ndi `xinput1_3.dll` yathu ija imene imayang'anira ma padi osewerera. Timeneti timabwera mu phukusi lapadera la Microsoft lotchedwa DirectX End-User Runtimes (June 2010). Kuliika sikuchotsa 12, kumangoonjezera zosowazo pambali. Mfana uja anali atayendetsa kakang'ono kaja ka `dxwebsetup.exe` koma anali ataponya kale mafayilo ake, ndiye kanangomuuza kuti zonse zilipo kale palibe choika, iye n'kuchonga pa pepala kuti DirectX yatheka.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana khumi ndi zisanu. Ndinachotsa xinput ya mu foda ya gemu. Ya mu SysWOW64 ndi ya mu System32 sindinazifufute, ndinangozisintha dzina kukhala `xinput1_3.old`, ndipo ichi ndi chizolowezi chimene ndingakonde aliyense atatengera, mu mafoda a Windows musafufute, sinthani dzina kuti zikavuta mubwezere. Ndipo mukhudze fayilo yokhayo imene mukudziwa kuti munaponyamo nokha kapena mwaiona ndi maso kuti ndi ya mabiti olakwika, osati kungoyamba kusesa chilichonse choyamba ndi x. Ya mu System32 inali ya mabiti oyenera mwangozi, koma poti inachokera pa tsamba losadziwika ndinati ichoke nayonso. Kenako ndinatenga `directx_Jun2010_redist.exe` pa flashi yanga, ndi pafupifupi 95 MB ndipo siifuna intaneti poika, n'chifukwa chake ndimaisunga. Mukaidina siyamba kuika, imangofunsa foda yoti ikhutuliremo mafayilo, apa ndi pamene ena amalekera poganiza kuti zatha. Pangani foda yopanda kanthu pa Desktop, ikhutulireni m'menemo, lowani mufodamo mupeze `DXSETUP.exe`, imeneyo ndiye yoika. Itamaliza ndinabwereza dir ija, mizere iwiri, ya mu SysWOW64 yaing'ono, ya mu System32 yokulirapo. Kudina gemu, sikirini yada kaye kamphindi, kenako chizindikiro cha Konami chija.

Si nthawi zonse wolakwa amakhala xinput. Gulu lina limene limachita zomwezi ndi la Visual C++, ndipo dzina la fayilo limakuuzani chaka cha phukusi limene mukufuna. `MSVCR100.dll` ndi ya 2010, `MSVCR110.dll` ya 2012, `MSVCR120.dll` ya 2013, ndipo `MSVCP140.dll` ndi `VCRUNTIME140.dll` ndi za phukusi limodzi lija la 2015 mpaka 2022. La chaka chatsopano silimalowa m'malo mwa la 2010 kapena 2013, amakhala onse pamodzi, ndiye mukaona mndandanda wautali wa Microsoft Visual C++ mu Programs and Features musauchotse poti mukusaka malo, ndinaonapo munthu atachotsa onse n'kusiya limodzi la pamwamba akuti enawo ndi obwereza. Pa Windows ya 64 ikani onse awiri, la x86 ndi la x64, x86 ndiye ya 32 ija. Atengeni kwa Microsoft, kapena yang'anani mu foda ya gemu, ambiri amabwera ndi kafoda ka dzina ngati `_CommonRedist` kapena `Redist` momwe muli zonsezi kale, osaononga bandulo.

Nanga ngati munthu sakukumbukira chimene anaponya, kapena laputopu anaigula ili kale choncho? Zimachitika kwambiri ndi makina a sekondi handi amene adutsa m'manja mwa anthu anayi. Pamenepo ndimagwiritsa Process Monitor, kapulogalamu kaulere ka Sysinternals ya Microsoft. Mumaika sefa kuti Process Name ikhale dzina la exe ya gemu, mumadina gemu, kabokosi kakabwera mumaimitsa kujambula n'kupita kumunsi kwa mndandanda. Yang'anani DLL yomaliza imene inapezeka n'kutsegulidwa zinthu zisanaime, ndi foda imene inachokera. Mizere ya `NAME NOT FOUND` isakuopseni, imakhala yambiri, ndi Windows ikungogogoda makomo mpaka ipeze. Yomalizayo itengeni muiyeze mu Notepad muja. Zimafuna kudekha koma zimaposa kufomata, chifukwa mukafomata mumayambiranso madalaiva, ma apudeti, bandulo ina, ndipo ngati fayilo yolakwika ili mu foda ya gemu imene munasunga pa D, mukadzatsegula mudzaipeza 0xc000007b ili phee kukudikirani.

Chinthu chimodzi pa pepala lija chimene sindinachikonde ndi kuthimitsa antivairasi, ndipo anali ataisiya yothimitsa masiku anayi uku akudawuniloda ma DLL pa masamba achilendo. Ndinaiyatsa n'kusiya ifufuze tikudya chipisi. Ngati mukuganiza kuti antivairasi yadya fayilo ya gemu, simufunika kuithimitsa kuti mudziwe, pitani mu Windows Security pa Protection history, chilichonse chimene yagwira chimalembedwa pamenepo ndi dzina ndi foda yake. Ndipo tinene zoona, magemu oyenda pa flashi kuchoka kwa mnzako kupita kwa mnzako amabwera ndi zambiri, ikagwira kanthu si nthawi zonse ikunama.

Ndimayesa nkhani yathera pompo koma patapita wiki ndi theka mfana anaimba. "Achimwene yayambiranso." Ndinamufunsa ngati ikulemba nambala ija, akuti ayi, ulendo uno palibe cholemba chilichonse, sikirini ikuda, chizindikiro chikuoneka, kenako yabwerera pa Desktop ngati palibe chachitika. Ndinamuuza kuti ndiye sinayambirenso, ili ndi vuto lina, ndipo asakhudze DLL iliyonse. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika: kabokosi ka 0xc000007b kapena ka fayilo yosowa ndiye kuti gemu sinayambe, koma ikada kaye n'kuonetsa kanthu ndiye kuti inayamba n'kugwa m'njira, ndipo ikagwa choncho Windows imalemba penapake.

Poti Santhe ndi patali kuti akwerenso minibasi, tinachita pa foni. Ndinamuuza adine batani la Windows ndi R pamodzi alembe izi:

```
perfmon /rel
```

Imatsegula Reliability Monitor, tchati cha masiku chokhala ndi timitanda tofiira pa tsiku limene china chinagwa. Mumadina tsikulo, mumapeza dzina la gemu, mumadina View technical details. Zomwezi ziliponso mu Event Viewer pansi pa Windows Logs kenako Application, mzere wa Application Error wa nambala 1000, koma kwa munthu woyamba kumene tchati chija n'chosavuta. Pa zonse zolembedwa pamenepo mizere iwiri yokha ndi imene ndimafuna, dzina la gawo limene lagwa ndi nambala ya vuto. Anandijambulira ndi foni, chithunzi chopendama koma chowerengeka:

```
Fault Module Name:  PES2017.exe
Exception Code:     c0000005
```

c0000005 payokha siinena zambiri, imangotanthauza kuti pulogalamu inafuna kugwira malo a memori amene si ake, magemu ambiri akagwa amalemba imeneyi. Dzina la gawo ndi limene limakulozerani njira. Likayamba ndi `igd` ndi dalaiva wa zithunzi wa Intel, likayamba ndi `nv` monga `nvd3dum.dll` ndi wa NVIDIA, `ati` ndi wa AMD, ndipo pamenepo ndiye kusintha dalaiva kuli ndi nzeru. Likakhala `ntdll.dll` kapena `KERNELBASE.dll` musathamangire kukasaka fayilo imeneyo pa intaneti chonde, amenewo ndi mafayilo a Windows amene ngozi imangochitikira pakhomo pawo, wolakwa amakhala wina. Likakhala dzina la gemu yeniyeniyo ngati apa, ndimayamba kukayikira zimene gemu ikuwerenga potseguka: mafayilo ake, mapachi amene mwaikamo, kapena zosunga zanu.

Ndiye funso lija lobwerezabwereza, chinachitika n'chiyani komaliza isanayambe kugwa? Akuti palibe. Ndinati ganiza bwino. Akuti anali akusintha mayina a timu ina kuti ikhale ya kwawo, kuika mayina a anzake a m'mudzi, akusunga magetsi anazima. Batire ya laputopu ija ndinaiona tsiku loyamba, ndi yakufa, ukazula chaja makina amazima nthawi yomweyo. Ndiye fayilo inalembedwa theka, ndipo gemu ikamatseguka imawerenga fayilo imeneyo, ikufika pamene padukapo n'kugwa.

Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo sikuononga kanthu. Zosunga za gemuyi sizikhala mu foda ya gemu, zimakhala mu `Documents\KONAMI\Pro Evolution Soccer 2017`, n'chifukwa chake apanso kuchotsa gemu n'kuiikanso sikukanathandiza. Ndinamuuza asinthe dzina la foda imeneyo aonjezere `_old` kumapeto, osafufuta, kenako atsegule gemu. Ikapanda kupeza foda yake imapanga yatsopano ngati tsiku loyamba. Inatseguka. Pamenepo tadziwa kuti vuto lili mu foda yakale, koma mfana anayamba kudandaula za Master League yake, akuti anali mu sizoni yachitatu. Ndinati usalire, tseka gemu, lowa mu foda yakale mu `save`, uzikopera fayilo imodzi kupita mu save yatsopano, utsegule gemu, ikatseguka utseke ukopere ina. Imodziimodzi, osati zonse pakamodzi, chifukwa ukakopera zonse ikagwa sudziwa kuti ndi iti. Za Master League zinadutsa bwinobwino. Atakopera `EDIT00000000` inagwa. Anaichotsa, inatsegukanso. Timu ya anzake ija inapita, anayambiranso kulemba mayina, koma sizoni zake zitatu zinapulumuka.

Magemu ena ambiri amachita chimodzimodzi, kungosiyana malo, ena amasunga mu Documents, ena mu `%APPDATA%` kapena `%LOCALAPPDATA%`. Kukanakhala kuti kusintha dzina la foda sikunathandize, chotsatira chikanakhala mafayilo a gemu yeniyeniyo. Amene muli ndi gemu pa Steam muli ndi mwayi, pali Verify integrity of game files imene imayeza fayilo iliyonse n'kudawuniloda yoonongeka yokhayo. Amene munakopera pa flashi yerekezani kukula kwa foda yanu ndi ya kumene munakopera, pa Properties, mpaka nambala ya mabaiti ndi kuchuluka kwa mafayilo. Ndipo yang'anani flashiyo ngati ili FAT32, chifukwa FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB, imakana, munthu amadina Skip osawerenga n'kubwera ndi gemu yopanda fayilo yake yaikulu kwambiri. Flashi yonyamulira magemu ikhale NTFS kapena exFAT.

Mfana uja ndinamuuza kuti foda ya save aziikopera pa flashi Lamlungu lililonse mpaka apeze batire ina, ndi yaing'ono siitenga ndi mphindi yomwe. Pepala lake lija ndinalisunga mu dilowa, ndinangoonjezerapo mzere umodzi pamwamba ndi bolopeni, uthenga woyamba weniweni unali wotani ndipo munatani mutauona. Amene akubwera ndi laputopu masiku ano ndikumawapatsa ayankhe kaye funso limenelo ndisanaitsegule.